Zithunzi pa mndandanda wa zakudya

"Ndimagulitsa zakudya pa Mangochi boma. Ndiike bwanji tizithunzi pa mndandanda wa pa WhatsApp kuti ukope anthu?"

Achemwali, ikani kamodzi kokha kumayambiriro kwa mzere, kenako dzina ndi mtengo: 🐟 pa chambo, 🍚 pa mpunga, 🥬 pa chisoso. Diso limatsika msanga likapeza mzere woongoka.

Koma chenjerani ndi nyama. 🐐 ndi mbuzi yamoyo, ena adzaganiza kuti mukugulitsa ziweto. Pa kanyenya ikani 🍖. Kuno Asilamu ndi ambiri, choncho 🐷 kapena 🥓 zisapezeke ngakhale mongokongoletsa, makasitomala angakuthaweni.

Nsima ilibe chithunzi chake, ingolembani mawu. Musanatumize, yesani pa foni yakale, chifukwa zithunzi zatsopano zimaoneka ngati timabokosi topanda kanthu.