Kodi 4WD ndi yofunikadi kwa munthu wokhala m'tauni?

"Ndimakhala ku Lilongwe ndipo kumudzi ku Ntchisi ndimapitako mwa apo ndi apo. Kodi ndiwonjezere ndalama kuti ndigule galimoto ya 4WD, kapena ya 2WD ingandikwanire?"

Achimwene, yankho lili pa chigawo choipitsitsa cha msewu wa kumudzi kwanu, makamaka mmene chimakhalira mu Januwale ndi Febuluwale mvula ikakhazikika. Ngati ma Sienta ndi ma Probox onyamula anthu amadutsapo nyengo imeneyo, ndalama zowonjezerazo musawononge, chifukwa ambiri mwa magalimoto amenewa amakoka ndi matayala awiri okha.

Chimene chimaimitsa galimoto yaing'ono pa msewu wafumbi kawirikawiri ndi kufupika kwake. Mathirakitala ndi malole akakumba mikwasa iwiri, pakati pamatsala mtumbira, ndipo galimoto yotalikirana ndi nthaka masentimita 14 kapena 15 imakhalira mimba pamenepo, matayala n'kumangozungulira. Ikatero, ngakhale ikhale ya 4WD siichoka. Yotalika masentimita 20 kapena kuposerapo, yokhala ndi matayala a mano abwino, imadutsa bwinobwino ngakhale ili ya 2WD. Pamene 4WD imaonetsadi ntchito yake ndi pa chitunda choterera, pa mchenga wambiri, ndiponso pa dothi lamakande ngati la ku Chikwawa ndi Nsanje. Kumbukiraninso kuti imathandiza kukoka basi; pomanga mabuleki siiposa inzake.

Mtengo wake suthera pogula. Galimoto yotere ili ndi difu yachiwiri, shafuti yowonjezera ndi bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo zonsezi zimafuna oyilo wake, zimatha, komanso zimalemeretsa galimoto. Tiyerekeze kuti mumayenda makilomita 1,500 pa mwezi, ndipo kulemerako kukukudyerani lita imodzi yowonjezera pa makilomita 100 alionse. Ameneyo ndi malita 15 pa mwezi, 180 pa chaka, kulipirira chinthu chimene mwina mungachigwiritse ntchito pa maulendo awiri okha. Pa magalimoto okoka ndi matayala onse nthawi zonse, monga Subaru Forester, matayala anayiwo ayenera kufanana kukula ndi kaperepesekedwe, choncho limodzi likaphulika ena atatha kale, mungakakamizike kugula onse.

Ngati mwaona kuti msewu wanu ukufunadi 4WD, yesani galimotoyo pa dothi musanapereke ndalama. Ngati ili ndi 4H ndi 4L, magiya olowetsera matayala onse anayi, ikani pa 4H muone ngati nyali yake ikuyaka, kenaka imani, muchotse giya, muike pa 4L. Iyenera kuyenda pang'onopang'ono koma mwamphamvu. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amakhala zaka osalowetsedwa m'magiya amenewa, motero nthawi zina amakana. Pa Hilux ndi ena ochita kulowetsa 4WD, musayende pa 4H pa phula louma: chiwongolero chimalimba, matayala amalira pokhota, ndipo mukapitiriza mumawononga bokosi logawa mphamvu lija, limene kukonza kwake n'kodula kwambiri.