Kusankha madatamu A, B ndi C poyeza chitsulo

"Aphunzitsi, ndikuphunzira ntchito ya ufita, yokonza ndi kulumikiza zitsulo za makina, ku Germiston, ndipo ndikukonzekera tiredi tesiti. Ndinaboola chitsulo, ndinayeza ndekha n'kupeza kuti bowo lili m'malo mwake, koma woyendera ntchito anachibweza ponena kuti ndinasemphanitsa madatamu. Kodi zilembo A, B ndi C za pa pulani zimasankhidwa bwanji, nanga zingasinthe bwanji muyeso pamene chitsulo ndi chomwecho?"

Chitsulo chimene simunachigwire chingathe kuyenda m'njira zisanu ndi imodzi: chingasunthe m'litali, m'lifupi kapena m'mwamba, ndiponso chingatembenuke mozungulira iliyonse ya mbali zitatuzi. Madatamu, amene ndi nkhope kapena malo a chitsulo poyambira kuyeza, amatseka njira zimenezi motsatizana, kuti aliyense woyeza achikhazike mofanana ndi mnzake. Datamu yoyamba ikakhala nkhope yafulati, imakhudza tebulo lamwala loyezerapo pa malo osachepera atatu, monga mphika umakhazikikira pa mafuwa atatu, ndipo imatseka njira zitatu: kukwera ndi kutsika, komanso kupendekeka kwa mbali ziwiri. Yachiwiri imatsamira khoma loima chilili pa malo osachepera awiri, n'kutseka kusuntha kumodzi ndi kuzungulira kumene kunatsala. Yachitatu imangokhudza pa malo amodzi, n'kutseka kusuntha komaliza. Ili ndi lamulo la 3-2-1 limene munalimva ku koleji, ndipo maziko ake mudzawapeza m'malamulo a kalembedwe ka mapulani otchedwa ISO 5459 ndi ASME Y14.5.

Chimene ophunzira ambiri saona n'chakuti yoyamba ikakhala pansi siisunthanso pofuna kukondweretsa yachiwiri, ndipo yachiwiri siigonjera yachitatu. Palibe nkhope ya chitsulo imene ili yowongoka kotheratu, choncho imene mwayamba kuikhazika ndiyo imalamula mmene chitsulo chonse chapendekera, ndipo zotsatirazo zimangolandira malo amene zapatsidwa. Dziwaninso kuti ukulu wa datamu suchokera ku alifabeti koma ku malo ake m'kabokosi ka tolaransi, kamene kamasonyeza pa pulani malire a kuphonya kololedwa, powerenga kuchokera kumanzere. Pakalembedwa `C|A|B`, yoyamba ndi C.

Tiyeni titenge puleti yachitsulo yotalika mamilimita 120, m'lifupi 60, kuchindikala 20. Nkhope yapansi ndi A, mbali yaitali ndi B, ndipo mbali yaifupi ndi C. Pakati pa bowo payenera kukhala mamilimita 30 kuchokera ku B ndi 40 kuchokera ku C, ndipo kabokosi kakunena kuti:

```
⌖ | ⌀0.2 | A | B | C
```

Tiyerekeze kuti mbali yaifupi sinadulidwe sikweya bwinobwino, moti mukaikapo sikweya ikukhudza pa ngodya ya pafupi ndi B, koma kumapeto kwinako kwatsala mpata wa mamilimita 0.3. Mukatsatira pulani, mumagoneka A pa tebulo, mumakankhira B ku khoma mpaka itagona m'litali mwake monse, kenaka mumaseseretsa puletiyo motsatira khomalo mpaka C itagunda chotchinga pa ngodya imodzi ija. Mpata wa 0.3 muusiye, ndi wake. Tinene kuti mwapeza 30.05 kuchokera ku B ndi 40.04 kuchokera ku C. Bowo laphonya ndi 0.05 mbali ina ndi 0.04 mbali inayo, ndipo popeza ⌀0.2 ya m'kabokosi ikutanthauza malire ozungulira a mamilimita 0.2 m'mimba mwake, mumawerengera motere:

```
2 × √(0.05² + 0.04²) = 0.128
```

Chiwerengerochi n'chochepera 0.2, ndiye kuti chitsulocho chapambana.

Tsopano chitani zimene manja amakonda kuchita okha, kutseka mpata uja pokankhira mbali yaifupi kuti igone yonse pa chotchinga. Mwasandutsa C kukhala yachiwiri, ndipo puleti yonse yatembenuka pang'ono, osafika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a digiri imodzi. Diso silingaone zimenezi, koma kumapeto kwa mbali yaitali kwachoka pa khoma ndi mamilimita 0.6, chifukwa 120 ndi kawiri 60. Bowo lomwe lija tsopano likuwerengeka 30.25 kuchokera ku B ndi 39.89 kuchokera ku C, ndiye kuti laphonya ndi 0.25 ndi 0.11, ndipo masamu omwe aja akupereka pafupifupi 0.55. Chitsulo chabwino chakanidwa popanda wina kuchikhudza ndi tupa. Zimachitikanso mobwerera, ndipo ndikuganiza kuti n'zimene zinakuchitikirani: ngati munaboola mutatsamiritsa mbali yaifupi, n'kuyezanso mutatsamiritsa mbali yomweyo, muyeso wanu unagwirizana ndi kuboola kwanu, koma sunagwirizane ndi pulani.

Chitsanzochi chikusonyezanso chifukwa chake mbali yaitali imakondedwa kukhala yachiwiri. Malo awiri otalikirana amagwira chitsulo mokhazikika, pamene vuto laling'ono la pa mbali yaifupi limakula likamafika kumapeto kwina. Komabe musaloweze kuti yaikulu ndiyo yoyamba nthawi zonse, chifukwa woweruza weniweni ndi mmene chitsulocho chidzakhalire m'makina. Funso loyamba n'lakuti, mabawuti akamangidwa, ndi nkhope iti imene idzapanikizidwe pa chitsulo chinzake? Imeneyo ndiyo datamu yoyamba, ngakhale patakhala ina yaikulu imene idzangoyang'ana kunja osakhudza kanthu. Yachiwiri ndi imene imalondolera chitsulo pamalo pake, ndipo nthawi zambiri si mbali konse koma bowo lolowa pini kapena mlomo wozungulira wolowa m'chinzake. Yachitatu imaletsa zimene zatsala. Pa shafuti nkhani imasintha ndithu, chifukwa malo ozungulira okhala beyaring'i akakhala datamu yoyamba amatseka njira zinayi okha, ndipo phewa la shafutiyo limatseka kusuntha kwa m'litali. Ngati kuzungulira kulibe vuto, datamu yachitatu siifunika n'komwe.

Pali zizindikiro zokuuzani kuti kukhazika kwalakwika musanawerenge nambala iliyonse. Dinani ngodya za puleti ndi chala imodziimodzi. Ikagwedezeka, nkhope A ndi yotukumuka pakati, kapena pansi pali kanyenyeswa kachitsulo kapena m'mphepete mwatsala kamlomo kakuthwa kochokera ku kudula. Pukutani tebulo, chotsani kamlomoko, kenaka lowetsani timapepala tachitsulo toyezera mpata pakati pa B ndi khoma kumapeto onse awiri. Chotsani chitsulocho, chikhazikeninso, n'kuyezanso, ndipo miyeso ikasiyana kwambiri, kaikirani kakhazikidwe musanakaikire bowo. Pa chifukwa chomwechi pulani yolembedwa bwino imaika malire a ufulati pa A, ndi malire a usikweya pa B poyerekeza ndi A. Zitsulo zochita kusungunula, zimene nkhope zake n'zokakala, siziikidwa pa tebulo ndi nkhope yonse. Pulani imasonyeza timalo tosankhidwa, A1, A2, A3, B1, B2 ndi C1, ndipo mapini amakhudza pomwepo basi.

Musaganize kuti makina oyezera a pakompyuta otchedwa CMM adzakuchotserani udindo umenewu. Singano yake imakhudza nkhope ndipo pulogalamu imawerengera, koma woyendetsa ndiye amaiuza nkhope yoyambira, ndipo akasemphanitsa B ndi C makinawo adzalemba 0.55 yemwe uja mwaudongo, ndi manambala ambiri pambuyo pa dontho. Musanapite ku mayeso, pemphani woyendera ntchito uja kuti muyezenso limodzi chitsulo chimene anabweza, koyamba motsatira `A|B|C` kenaka `A|C|B`, ndipo mulembe miyeso yonse iwiri m'buku lanu la ntchito pamodzi ndi mpata wa sikweya umene mwaupeza pa C.