Kadontho kogwera pamalire penipeni: kali mkati kapena kunja?

"Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi malire a minda amene tinajambula ndi GPS, ndipo ndalemba kapulogalamu ka Python koona ngati kadontho kali mkati mwa munda. Ndikukoka mzere n'kuwerenga kuti wadutsa malire kangati. Nthawi zambiri kakuyenda bwino, koma mwa apo ndi apo kakumanama, makamaka kadontho kakakhala pamalire kapena kakalunjikana ndi kona. Ndakhota pati?"

Achimwene, njirayo ndi yabwino, musaitaye. Munthu amene ali mumpanda akamayenda molunjika osatembenuka, akalumpha mpanda kamodzi ndiye watuluka, kachiwiri walowanso, kachitatu watulukanso. Choncho chiwerengero chikathera pa 1, 3 kapena 5, anayambira mkati, ndipo chikakhala 0, 2 kapena 4, anayambira kunja. Kungoti mwaphatikiza mavuto awiri osiyana. Lina ndi la mzere wanu kugunda kona, lina ndi la kadontho keniko kukhala pamalire. Mankhwala ake ndi osiyananso.

Tiyambe ndi la kona. Tengani pepala mujambule munda wa makona 6 awa motsatana: A(0,0), B(6,0), C(8,2), D(6,4), E(3,2), F(0,4). Uoneka ngati muvi woloza kumanja, wokhala ndi mphanda pamwamba pamene kona E yalowa mkati. Tsopano ikani kadontho P pa (1,2). Diso likuuzani lokha kuti kali mkati. Kokani mzere wopingasa kuchokera pa P kupita kumanja, ndipo muona kuti ukugunda E kenako C, makona okhaokha.

Kona iliyonse ndi ya mbali ziwiri. Mukamawerenga mbali iliyonse imene yakhudzidwa, mupeza BC, CD, DE ndi EF, zonse 4, ndiye pulogalamu inena kuti kunja. Bodza limenelo. Ambiri akaona zimenezi amati basi, kona iziwerengedwa kamodzi. Yesani: E kamodzi, C kamodzi, zakwana 2, kunjanso. Mukati makona tingowadumpha, mupeza 0, bodza lomwe lija. Njira zitatu zonsezi zikugwa chifukwa E ndi C si zofanana. Pa C mzere ukutulukadi m'munda, pakuti mbali ina ikuchokera pansi, ina ikupita pamwamba. Pa E mzere ukungokhudza nsonga ya mphanda n'kupitirira uli mkati momwemo, chifukwa mbali zonse ziwiri zili pamwamba pake.

Lamulo lokonza zonsezi ndi kamzere kamodzi: mbali iwerengedwe pokhapokha `(y1 > py) != (y2 > py)`. Apa `y1` ndi `y2` ndi y za nsonga ziwiri za mbaliyo, `py` ndi y ya kadontho. Kutanthauza kuti nsonga imodzi ikhale pamwamba pa mzere, inayo isakhale pamwamba. Nsonga imene ili pamzere ndendende tikuitenga ngati ili pansi, ngati kuti mzere wathu taukweza pang'ono kwambiri moti sungagundenso kona. Pa munda wathu uja, BC imachokera pa y=0 kufika pa y=2, palibe nsonga yoposa 2, ndiye siiwerengedwa. CD iwerengedwa. Pa C papezeka kamodzi. DE ndi EF zonse ziwerengedwa, pa E papezeka kawiri, zimene sizisintha yankho. FA yadutsa mulingo wa P koma ili kumanzere, kumbuyo kwa mzere. Zonse pamodzi 3, mkati. Phindu lina n'lakuti mbali yogona ngati AB imadzidumpha yokha, chifukwa nsonga zake zili pa mulingo umodzi, ndiye simudzaonanso `ZeroDivisionError` imene imabwera pogawa ndi `y2 - y1`. Chenjerani ndi chizindikirocho: mukalemba `>` mbali imodzi ndi `>=` mbali inayo, mwabwerera ku Iguputo.

Lamulo limeneli si langa ayi, ndi lomwe lili mu kapulogalamu kotchuka ka W. Randolph Franklin kotchedwa `pnpoly`, kamene anthu ambiri amangokopera. Koma akamakopera samaona kuti iko sikadziwa mawu oti "pamalire". Kamayankha mkati kapena kunja basi. Yesani ndi madontho awiri pa munda wathu. Q(0,1) kali pa mbali ya kumanzere FA. Mzere wake udutsa BC pa x=7, kamodzi, ndipo FA siiwerengedwa chifukwa `pnpoly` imawerenga mbali pokhapokha x ya kadontho ikachepera x ya pamene mzere ukudutsa mbaliyo, ndipo 0 sachepera 0. Yankho: mkati. R(7,1) kali pa mbali ya kumanja BC. Apa 7 sachepera 7, palibe chowerengedwa, yankho: kunja. Onse awiri ali pamalire, koma mayankho ndi osiyana. Ndikukhulupirira kuti kumeneku ndiye kunama mukukunenaku.

Komatu musafulumire kunena kuti ndi cholakwika. Ngati minda iwiri yagundana malire, khalidwe limeneli limachititsa kuti mtengo wa pamalire ugwere m'munda umodzi wokha, wa kumanja kwa malirewo, osati monse muwiri kapena kusowa mwini. Ngati ntchito yanu ndi yowerenga kuti munda uliwonse muli madontho angati, ndipo mukufuna kuti pophatikiza chiwerengero chigwirizane, zimenezi n'zimene mukufuna. Koma ngati funso ndi lakuti mjigo uwu uli m'dera la uje kapena ayi, ine ndimakonda kuti pulogalamu izitulutsa mayankho atatu, ndipo chigamulo cha a pamalire chipangidwe ndi munthu. Nayi m'mene ndingalembere:

```python
def malo(px, py, makona):
    mkati = False
    for (x1, y1), (x2, y2) in zip(makona, makona[1:] + makona[:1]):
        d = (x2-x1)*(py-y1) - (y2-y1)*(px-x1)
        if (d == 0 and min(x1, x2) <= px <= max(x1, x2)
                   and min(y1, y2) <= py <= max(y1, y2)):
            return "pamalire"
        if (y1 > py) != (y2 > py) and (d > 0) == (y2 > y1):
            mkati = not mkati
    return "mkati" if mkati else "kunja"
```

Nambala `d` ikugwira ntchito ziwiri. Mukaima pa nsonga yoyamba n'kuyang'ana yachiwiri, `d` ikaposa 0 ndiye kadontho kali kudzanja lanu lamanzere, ikachepera 0 kali kumanja, ikakhala 0 kali pamzere womwewo. Pa R ndi BC, d = 2×1 − 2×1 = 0, ndipo 7 ali pakati pa 6 ndi 8, 1 ali pakati pa 0 ndi 2, choncho pamalire. Zija za `min` ndi `max` musazichotse poganiza kuti zikungotalikitsa nkhani. Kadontho (9,3) nakonso kamapereka d = 0 pa BC, chifukwa kali pamzere womwewo mukaupitiriza, pamene kali kunja kwa munda. Ntchito yachiwiri ya `d` ndiyo kulowa m'malo mwa kugawa kuja. Mbali ikakhala yokwera ndipo kadontho kali kumanzere kwake, ndiye kuti mbaliyo ili kutsogolo kwa mzere wathu. Ikakhala yotsika, zitembenuzeni. Pa P ndi DE, imene ikutsika, d = 6 − 10 = −4, iwerengedwa. Pa FA, yotsikanso, d = 4, siiwerengedwa.

Pamanambala athunthu ngati awa zonse zili bwinobwino. Vuto libwera mukaikamo manambala anu a GPS okhala ndi madesimo. Tsegulani Python mulembe `3*0.1`, ikupatsani `0.30000000000000004`. Ndiye pa mbali yochokera (0,0) kufika (1,3), kadontho (0.1, 0.3) kamene papepala kali pamzere ndendende kamapereka `d` pafupifupi `-5.55e-17`, osati 0. Kompyuta siinalakwe kuwerengera, kungoti 0.1 siingasungike ndendende m'manambala ake a 0 ndi 1. Zotsatira zake n'zakuti `d == 0` izigwira pamakona ndi pambali zogona kapena zoima chilili, koma pambali zopendekeka izilephera mwakachetechete.

Apa ambiri amathamangira kulemba `abs(d) < 1e-9`. Ine ndinachitapo zomwezo, ndipo zinandidyera tsiku lathunthu ndikufufuza chifukwa chimene timinda tating'ono tinkatulutsa a pamalire ambirimbiri pamene minda ikuluikulu inali zii. Chifukwa chake n'chakuti `d` si mtunda. Ndi mtunda wochulukitsidwa ndi kutalika kwa mbaliyo. Kadontho kotalikirana mita imodzi ndi mbali ya mamita 10 kamapereka 10, koma kotalikirana mita imodzi yomweyo ndi mbali ya mamita 500 kamapereka 500. Mukafuna mtunda weniweni, gawani: `abs(d) / hypot(x2-x1, y2-y1)`. Ndipo kabokosi ka `min` ndi `max` kaja mukakulitsenso ndi muyezo womwewo, apo ayi mbali yoima chilili izikana madontho amene aphonya ndi kachidutswa. Mudumphenso mbali yopanda utali musanagawe, chifukwa mafayilo a GeoJSON amabwereza kona yoyamba pamapeto. Mu pulogalamu ili pamwambayi kubwerezako sikupweteka, koma mukangoyamba kugawa, kukulumani.

Muyezowo ukhale wochuluka bwanji? Sankhani poganizira chida chimene munayezera, osati kompyuta. Digiri imodzi ya latichudi ndi makilomita pafupifupi 111, ndiye 0.00001 ndi mita imodzi ndi pang'ono. GPS ya pafoni imaphonya ndi mamita angapo ngakhale kumwamba kuli koyera, pansi pa mitengo ndiye zimanyanya. Kukangana za `1e-9` ya digiri, imene siikwana n'komwe milimita, pamene woyeza anaima patsidya pa ngalande, n'kutaya nthawi. Ngati minda yanu ili ku Malawi, sinthani manambala onse apite mu UTM zoni 36 ya kummwera, imene mu QGIS muipeza ngati `EPSG:32736`. Mukatero x ndi y akhala m'mamita, ndipo mutha kunena momveka kuti chilichonse chili mkati mwa mamita 3 kapena 5 kuchokera pamalire chilembedwe "pamalire", wina akachione ndi maso. Posintha muonetsetse dongosolo: GeoJSON imayamba ndi longichudi, latichudi pambuyo. Madontho onse akangotuluka "kunja" popanda ngakhale kamodzi ka mkati, yambani mwakayikira pamenepo.

Ngati simukukakamizika kulemba nokha, laibulale ya `shapely` inathana nazo kale izi, koma nayonso ili ndi msampha womwewu. `munda.contains(p)` imayankha `False` kadontho kakakhala pamalire, pamene `munda.covers(p)` imayankha `True`. Mu PostGIS n'chimodzimodzi, `ST_Contains` ndi `ST_Covers`. Ndipo zonsezi sizikupatsani kampata ka mamita kaja pazokha, muyenera kufunsa `munda.boundary.distance(p)` n'kuyerekeza nokha.

Musanaikhulupirire pulogalamu yanu pa minda yeniyeni, iyeseni pa munda wa papepala uja. (1,2) atuluke mkati. (0,1), (7,1), (2,0) ndi kona (3,2) atuluke pamalire. (9,3) ndi (3,3), kamene kali m'mphanda muja, atuluke kunja, pamodzi ndi (-1,0) kamene mzere wake ukuyenda pamwamba pa AB. Kenako tembenuzani makona ayambire F kubwerera ku A, mayankho asasinthe. Kakaphonya kamodzi, tumizani kodi yanu pano pamodzi ndi kadonthoko tione.