Foni ikamakana kuoneka padzuwa, yambani mwazimitsa Dark mode

"Abale thandizeni, ndimapanga za Mpamba ndi Airtel Money pafupi ndi depoti ya Zomba, koma ikangokwana 10 koloko foni sioneka kanthu, ndimachita kufunda chitenje kuti ndiwerenge meseji ya ndalama. Kuwala ndinakweza mpaka kumapeto, Dark mode ndinayatsanso poti amati imathandiza maso. Ndingogula ina basi?"

Achemwali musagule kaye, ndalamayo isungeni. Choyamba zimitsani Dark mode yo, lowani mu Settings kenako Display musankhe Light, mafoni ena amalemba Dark theme ndiye mungoizimitsa. Anakuuzaniwo sananame, usiku m'nyumba imapepuzadi maso, koma padzuwa ndi imene ikukupwetekani. Sikirini ili ndi galasi pamwamba, ndiye galasi lililonse limabweza kuwala kwina kumene kwaligwera, pafupifupi magawo 4 pa 100 alionse. M'nyumba zimenezi simungazione poti kuwala n'kochepa, koma dzuwa la masana limaposa kuwala kwa mu ofesi maulendo oposa 100, ndiye kagawo kakang'ono kobwererako kamakhala kambiri zedi. Tsopano sikirini ikakhala yakuda ndiye kuti foniyo payokha ikutulutsa kuwala pang'ono, pa zilembo pokha, kwina konseko kwangosanduka kalilole, n'chifukwa chake mumaona nkhope yanu ndi mitambo m'malo mwa meseji. Ikakhala yoyera sikirini yonse imawala ndipo imalimbana nako kuwala kobwererako, zilembo zakuda zimaonekera. Onjezaninso kuti mu Dark mode mapulogalamu ambiri zilembo zake sizikhala zoyera mbee, zimakhala zotuwirako, kumbuyonso kotuwa, padzuwa ziwirizi zimangofanana.

WhatsApp ili ndi pake posinthira, Settings, Chats, Theme, musankhe Light kapena System default, apo ayi ikhalabe yakuda ngakhale foni yonse mwaisintha. Ndipo ngati usiku mumaifunabe yakudayo, mafoni ambiri pa Dark mode pomwepo pali poikira nthawi kuti iziyaka dzuwa likalowa n'kuzima yokha m'mawa, simuchita kuvutika kusintha daile.

Chachiwiri ndi chimene anthu ambiri amakana ndikawauza. Kukoka kamzere ka kuwala mpaka kumapeto ndi dzanja sikuti mwafika pamapeto penipeni ayi. Mafoni ambiri amasunga mphamvu ina yapadera imene amaitulutsa pokhapokha kasensa ka kuwala kakaona kuti muli padzuwa, ndipo kasensako kamalamula kuwala pokhapokha mwayatsa Adaptive brightness, kwina amalemba Auto-brightness. Ndiye yatsani kameneka, tulukani pa ambulera muime poyera, dikirani timasekondi pang'ono muone ngati sikirini ikudumpha kuwala. Ikapanda kusintha yang'anani pamwamba pa foni pafupi ndi kasipika komvera pakhutu, kasensako kamakhala cha pamenepo, nthawi zambiri kamatsekedwa ndi fumbi kapena pulotekita ya m'mphepete mwakuda imene anaimata mokhota. Pukutani, kenako yesani chonchi: phimbani pamwambapo ndi chala, sikirini izilale, chotsani chala, iwale. Ikatero kasensa kali bwino. Pa Samsung zina zatsopanoko mukazimitsa Adaptive brightness pamatuluka Extra brightness, imeneyonso imathandiza kwa amene safuna foni izidzisinthira yokha.

Muli momwemo onani tinthu tina timene timabera kuwala mwakachetechete. Battery saver kapena Power saving imatsitsa kuwala dala, ndipo ndikudziwa inu a bizinesi mumakonda kuisiya choyaka tsiku lonse kuopa kuthima pakati pa makasitomala. Eye comfort, Eye care kapena Night Light imapangitsa sikirini kukhala yachikasu, masana izimitseni. Kuyambira Android 12 kulinso Extra dim imene munthu amatha kuikhudza mwangozi potsitsa kansalu kapamwamba kaja, ikayaka ngakhale mukweze bwanji foni imakhalabe yamdima.

Za batire musade nkhawa kwambiri ndi kusiya Dark mode. Imapulumutsa batire pa sikirini za mtundu wa OLED kapena AMOLED zokha, poti kumeneko malo akuda amazimiratu. Mafoni otsika mtengo ambiri ali ndi LCD, nyale yake ili kumbuyo ndipo imayaka chimodzimodzi kaya pamwamba pali poyera kaya pakuda, ndiye mumangovutika maso popanda phindu. Chimene chimadyadi batire ndi kuwala kokwezako, apa palibe kuzemba, n'chifukwa chake Adaptive ili bwino kuposa kusiya pamapeto, mukalowa pamthunzi imatsika yokha. Ikaninso Screen timeout pa masekondi 30.

Poti ntchito yanu ndi yowerenga manambala, 8 kumusiyanitsa ndi 3, ziro atatu kapena anayi, lowaninso mu Accessibility muyatse Bold text ndi High contrast text, pa Samsung ndi High contrast fonts, Font size mukweze sitepe imodzi kapena ziwiri. Zilembo zonenepa zimapirira dzuwa kuposa zoonda. Koma musakweze mpaka kumapeto, timenyu ta *444# ndi *211# tija timayamba kuduka mizere n'kumafuna kuti muzitsitsa ndi chala, pamenepo ndi pamene munthu amasankha nambala yolakwika.

Tsopano chimene ndikuganiza kuti chikukuchitikirani kwambiri inuyo, poti vuto lanu lili ndi nthawi yake yoyambira, ndi kutentha. Foni ikatentha imadzitsitsira yokha kuwala kuti isaonongeke, ndipo kamzere kaja kamaonekabe kali pamapeto, inu n'kumadabwa. Mafoni ambiri anapangidwa kuti azigwira bwino ntchito mpaka pa madigiri 35, tsono taganizani Okutobala wa kuno, foni ili chagada pathebulo, mu kava yakuda yarabala, mwinanso ili pa pawabanki. Kuzindikira kwake n'kosavuta, m'mawa imawala bwino, pakapita nthawi imazilala, mukaigwira kumsana ikuotcha. Ichotseni mu kava, musamaichaje ili padzuwa, ikakhala sikugwira ntchito muziiika mu dirowa kapena pansi pa buku lolembamo lija osati pamwamba, ikazizira kuwala kumabwerera kokha. Osaiika mu kula bokosi ya mafiriziz ayi, chinyezi chimalowa m'kati.

Kaimidwe nakonso. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu kuti chithunzithunzi chanu chigwere pa foni, ndipo foniyo muiimike iyang'ane kwa inu osati kumwamba. Sikirini imabweza chimene yayang'anana nacho, ndiye mukavala bulauzi yoyera mudzaiona bulauziyo m'galasimo, yakuda kapena chitenje chodera zimathandiza ndithu. Mafuta a zala nawonso amamwaza kuwala, kansalu kofewa kazikhala pafupi.

Pomaliza pulotekita. Agenti ambiri amamata ija yobisa kuti wapambali asaone PIN, ndi yabwino pa chitetezo koma imadya kuwala kooneka ndithu, ija yosanyezimira nayo padzuwa imachita ngati chifunga. Ngati muli ndi imodzi mwa izi yesani yagalasi yoonekera bwino, PIN muziphimba ndi dzanja. Mukapanga zonsezi koma osasintha, kumbukirani ngati foniyo inasinthidwapo sikirini itasweka, chifukwa zolowetsa zotchipa zambiri siziwala ngati yoyamba ija ndipo mu Settings mulibe chokonzera zimenezo. Apo ndiye mukhoza kuganiza zogula, koma mukapita pa shopu pemphani mutuluke nayo pakhonde masana, muyatse Adaptive brightness, mutsegule meseji muwerenge muli padzuwa musanapereke ndalama.