Galimoto mwalipira, koma bulubuku ili m'dzina la munthu wina

"A Loya, ndinagula galimoto kwa bambo wina miyezi isanu ndi itatu yapitayo ndipo ndalama ndinalipira zonse. Anandipatsa makiyi ndi bulubuku, koma dzina lili m'bulubukumo ndi la mayi wina amene akuti ndiye anamugulitsa iyeyo. Tinangolemberana kalata yolandirira ndalama. Iye akuti kusintha dzina n'kutaya ndalama chabe poti ambiri akuyenda choncho. Kodi galimotoyi ndi yanga pamaso pa lamulo? Nditani?"

Bambo, galimotoyo ikhoza kukhaladi yanu, koma lero mulibe umboni wokwanira wosonyeza zimenezo, ndipo vuto lagona pamenepo. M'mayiko ambiri umwini umachoka kwa wogulitsa kupita kwa wogula chifukwa cha mgwirizano wa malonda, pomwe bulubuku ndi umboni wa amene boma likumudziwa. Koma pali lamulo lakale la malonda lomwe likukukhudzani kwambiri: munthu sangapatse mnzake umwini womwe iye mwini alibe. Ngati bambo uja anagula bwinobwino kwa mayiwo n'kumaliza kulipira, umwini unafika kwa inu. Ngati anangobwereka galimotoyo, kapena anapatsidwa kuti asunge, kapena akadali ndi ngongole kwa mayiwo, ndiye kuti nkhani yanu ili pamavuto ngakhale munalipira ndi mtima woyera. Kalata imene muli nayo ikungosonyeza kuti ndalama zinachoka m'manja mwanu. Sikunena kanthu pa zimene zinachitika pakati pa iye ndi mayiwo.

Musanayambe kufunafuna aliyense, tsegulani boneti. Yerekezani nambala ya chesisi ndi ya injini ndi zimene zalembedwa m'bulubuku, chilembo ndi chilembo. Pa magalimoto ambiri opangidwa kuyambira 1981 nambala ya chesisi imakhala ndi zilembo ndi manambala 17, ndipo mulibe I, O kapena Q chifukwa zimafanana ndi 1 ndi 0. Magalimoto amene anapangidwira msika wa ku Japan amakhala ndi nambala yofupikirapo, choncho kufupika pakokha kusakuopseni. Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi pamalo pomwe nambalayo inadindidwa pa chitsulo. Mukaona utoto watsopano pamalo pokhapo, zipsera za kuwotcherera mozungulira, kapena manambala osiyana kukula ndi kuya, imani pomwepo mukauze apolisi nokha. Ndi bwino kuti nkhaniyo aimvere kwa inu kusiyana n'kuti aitulukire pamsewu inu muli pachiwongolero.

Manambala akagwirizana, pitani ku ofesi ya boma yolembetsa magalimoto mukafunse zimene zili m'kaundula. Mukufuna kudziwa ngati dzina la mayiwo ndi limene lilidi kumeneko, ngati galimotoyo sinanenedwe kuti inabedwa, ndiponso ngati palibe banki kapena kampani yobwereketsa ndalama imene inalembedwa kuti ili ndi gawo pa galimotoyo. Mfundo yomalizayi anthu amaiiwala. Galimoto yogulidwa pangongole nthawi zambiri imakhala chikole, ndipo wobwereketsa akhoza kudzaitenga kwa inu ngati ngongole sinathe. Ngati banki ilipo, pafunika kalata yake yonena kuti ngongole inatha ndipo yachotsapo dzanja.

Tsopano mayi aja. Popanda iwo kusintha dzina kuvuta, chifukwa ofesi imafuna siginecha ya munthu amene ali m'kaundula, osati ya amene anakupatsani makiyi. Muuzeni wogulitsayo akuperekezeni kwa iwo. Umenewo ndi udindo wake, sakukuchitirani chifundo. Mayiwo alembe kuti anagulitsa galimoto ya nambala yakuti, chesisi yakuti, kwa uje, tsiku lakuti, ndipo analandira ndalama zonse. Ngati panalibe kalata nthawi imeneyo, alumbire mawu amenewa pamaso pa munthu wovomerezeka kulumbiritsa. Inunso ndi wogulitsayo mulembe mgwirizano weniweni: mayina onse monga alili pa ziphaso, manambala a galimoto, mtengo, tsiku limene munaitenga, mawu ake otsimikiza kuti ali ndi ufulu wogulitsa ndiponso kuti palibe ngongole, ndi mboni ziwiri. Musabweze tsiku m'mbuyo. Lembani tsiku la lero n'kufotokoza kuti malonda anachitika liti.

Zotsalazo n'zapafupi. Mumadzaza fomu yosinthira umwini, mumapereka bulubuku yeniyeni ndi ziphaso, mumalipira ndalama yoikika ndi msonkho ngati ulipo, ndipo nthawi zambiri pamafunika chikalata cha apolisi ndi china chosonyeza kuti galimoto inayezedwa. Ofesi ingafune kuti galimoto idutse kaye m'dzina la bambo uja isanafike kwa inu. Poti lamulo limapereka masiku owerengeka osinthira dzina, konzekerani chindapusa cha kuchedwa. Chimene ndikukuletsani ndi mtima wonse ndi kupereka mapepala kwa madobadoba olonjeza kuti akonza zonse popanda mayiwo. Njira yawo ndi kusaina m'malo mwa munthu, ndipo bulubuku yotuluka mwachinyengo ikhoza kufafanizidwa, inu n'kutsala ndi mlandu.

Mukafika kwa mayiwo, afotokozereni kuti iwonso ali pangozi. Galimotoyo ikagunda munthu woyendetsa n'kuthawa, mboni zimangogwira nambala, ndipo apolisi amakagogoda pakhomo pa amene ali m'kaundula. Zindapusa ndi masamoni zimapitanso kumeneko. Kuti adziyeretse afunika umboni wakuti anagulitsa, womwenso mwina alibe. Ambiri akamva izi amasaina msanga.

Za "ambiri akuyenda choncho" n'zoona, koma akuyenda mpaka tsiku la tsoka. Taganizirani mayiwo atamwalira mwezi wamawa. Galimoto yanu idzaoneka pamndandanda wa chuma cha masiye, ndipo woti asaine adzakhala yekhayo amene khoti lamupatsa mphamvu yoyang'anira chumacho. Zimenezo zimatenga miyezi, ndipo ana akakana kuti mayi awo sanagulitse, mudzayenera kutsimikizira khoti za malonda omwe simunawaone, mboni yaikulu ili m'manda. Chimodzimodzi ngati mayiwo aluza mlandu wa ngongole: olanda katundu amatsata dzina, ndipo mudzathamangira kukhoti kukanena kuti ndi yanu itakokedwa kale. Inshuwalansi nayo sitsatira galimoto yokha ayi. Ngati mukuyendera imene anadula mayiwo kapena bambo uja, kampani ikhoza kukana kukulipirani chifukwa mgwirizano wake si wa inu. Dulani yanu sabata ino, ndipo auzeni poyera kuti dzina likusinthidwa.

Nanga mayiwo akakana kapena akasowa? Wogulitsayo mumulembere kalata yomupatsa masiku, tinene 14, kuti abweretse mapepala onse, ndipo musunge umboni wakuti anailandira. Akalephera muli ndi njira ziwiri. Mungapemphe khoti ligamule kuti galimoto ndi yanu ndi kulamula kuti kaundula asinthidwe. Apa mudzafunika kalata yanu ija, umboni wa kubanki kapena wa pafoni, mauthenga amene munkatumizirana, ndi mboni. Koma zikapezeka kuti iye analibe ufulu wogulitsa, mungathetse malondawo n'kufuna ndalama zanu zonse, chifukwa wogulitsa aliyense amatengedwa kuti walonjeza kuti katunduyo ndi wake wogulitsa, ngakhale sanalembe. Pamene izi zili mkati musaigulitse galimotoyo kwa wina, chifukwa lonjezo lomwelo lidzakhala pamutu panu.