Foda yalembedwa pamwamba, ina yafufutika: kuzibweza pa Windows

"Zikomo achimwene. Lachiwiri masana ndinakopera foda yakale ya Malipoti kuchokera pa fulashi kupita mu Documents, n'kudina Replace osaganiza. Malipoti a miyezi iwiri abwerera mwakale. Poyeretsa ndinafufutanso kafoda ka Malisiti ndi Shift+Delete. Mwana wanga ankalumikiza hadi disiki yapadera kuti izisunga zinthu. Pali chiyembekezo?"

Mayi, chiyembekezo chagona pa hadi disiki imeneyo. Ngati mwana wanu anayatsa File History, Windows yakhala ikukopera kumeneko mafayilo a mu Documents, Desktop, Pictures ndi mafoda ena anu ola lililonse, nthawi zonse disikiyo ikakhala yolumikizidwa. Imasunganso makope akale osawafufuta, pokhapokha munthu atasintha dongosololi. Mu Recycle Bin musavutike kuyang'ana: fayilo yolembedwa pamwamba sipita kumeneko, ngakhalenso yofufutidwa ndi Shift+Delete.

Lumikizani disikiyo kaye. Tiyambe ndi Malipoti, popeza fodayo ikadalipo. Idineni ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Properties, kenaka Previous Versions. Mudzaona mndandanda wa makope, lililonse ndi tsiku ndi nthawi yake. Lomwe mukufuna ndi lomaliza ngozi isanachitike, tinene Lachiwiri m'ma 10 koloko m'mawa, kapena Lolemba madzulo. Samalani ndi lapamwamba penipeni, chifukwa File History sidziwa kuti munalakwitsa. Mwina inakopera kale malipoti olakwikawo Lachiwiri madzulo.

Apa ndi pamene ndikupemphani kuti mudekhe. Pansi pali mabatani awiri, Open ndi Restore, ndipo dzanja limathamangira pa Restore. Musatero. Restore imaika zakale pamalo pa zomwe zilipo tsopano, choncho ngati pali lipoti lomwe mwakonzanso Lachitatu, lingapite nalo limodzi. Dinani Open. Fodayo idzatseguka monga inalili pa nthawiyo. Tsegulani lipoti limodzi lomwe mukulidziwa bwino, muone ngati ziwerengero za mwezi wathawu zilimo. Zikakhalamo, pangani foda yatsopano pa Desktop, muitche Zobwezedwa, n'kukopera zonse mmenemo. Mukafananiza mofatsa, ndi pamene mungasamutsire chimodzichimodzi ku Malipoti.

Dziwaninso kuti Replace inakhudza mafayilo okhawo omwe maina ake anali ofanana ndi a pa fulashi. Lipoti lomwe munalipanga posachedwa ndi dzina latsopano liyenera kukhala lili bwinobwino.

Malisiti ndi nkhani ina pang'ono, poti palibe choti mudine. Njira yake n'kukwera ku foda yomwe inkasunga kafodako. Ngati kanali mkati mwa Malipoti, kopi lomwe mwatsegula lija lili nako kale, ingokakoperani. Ngati kanali mu Documents, chitani zomwezo pa foda ya Documents.

Palinso khomo lina lomwe ine ndimalikonda kuposa loyambali, chifukwa limaonetsa bwino masiku. Tsegulani Control Panel, mupite pa File History, mudine Restore personal files. Mivi ya pansi imakubwezani m'mbuyo kopi limodzilimodzi. Mukapeza fodayo, isankheni, ndipo batani lobiriwira lapakati mulidine ndi batani lakumanja la mausi kuti musankhe Restore to. Mukatero mumasankha nokha koika. Mukalidina mwachizolowezi limabwezera pamalo pakale pomwe.

Nanga mukapeza mawu akuti "There are no previous versions available"? Musafulumire kutaya mtima. Tsegulani hadi disikiyo mu File Explorer, muyang'ane foda yotchedwa FileHistory. Mkati muli dzina lanu la pa kompyuta, dzina la kompyutayo, kenaka Data. Mafayilo a mmenemo ndi wamba, kungoti dzina lililonse lili ndi tsiku ndi nthawi kumapeto, ndipo nthawiyo ndi ya UTC, yomwe imatsalira ndi maola awiri pa ya ku Malawi. Mungawakope pamanja. Mudzaonanso tsiku lomwe disikiyo inagwira ntchito komaliza: ngati yakhala mu kabati kuyambira Januwale, makope a malipoti a mwezi watha simuwapezamo.

Foda ya FileHistory ikapanda kupezeka, ndiye kuti File History sinayatsidwe pa disikiyo. Zikatero Malisiti angathe kupulumukabe ndi pulogalamu yobwezera zofufutidwa, monga Windows File Recovery, bola musiye kusunga zatsopano pa kompyutayo ndipo zopezekazo muzilozetse ku disiki ina. Ngati kompyuta yanu ili ndi disiki ya mtundu wa SSD mwayi ndi wochepa, chifukwa imayeretsa msanga malo a zofufutidwa. Malipoti olembedwa pamwamba ndi ovuta kwambiri kuwapeza mwa njira imeneyi. Kwa amenewo, fufuzani mu imelo zomwe munatumizira abwana kapena anzanu a ku ntchito, ndiponso pa OneDrive, yomwe imasunga mafayilo pa intaneti, ngati Documents yanu imalumikizana nayo, poti nayonso ili ndi Version history pa fayilo iliyonse.