Tayala likadyeka mkati, musathamangire kunamizira kamba

"Achimwene, Sienta yanga yadya matayala akutsogolo mbali yamkati yokha pa miyezi inayi. Amakaniko akuti ndi kamba. Kamba ameneyu ndi chiyani?" Yabwera pa imelo kuchokera kwa Kamwendo.

Achimwene, mwandikanda pachilonda. Chaka chomwe ndinkanyamula anthu pakati pa Kasungu ndi Chinkhoma, ndinamenya dzenje usiku. Pasanathe miyezi itatu waya anali poyera pa matayala onse awiri akutsogolo. Pagalaja ina anangosuzumira n'kuti "kamba wathawa, bwana," n'kundigulitsa mashoko. Matayala atsopano nawonso anadyeka chimodzimodzi. Ndalama ya fetereza inathera pamenepo, ndipo mayi akunyumba sanaiwale mpaka lero.

Amene anandipulumutsa ndi mdala wina wokonza galimoto pansi pa mtengo wa mango. Anandigwira dzanja n'kulisisititsa patayala mopingasa. Kupita mkati kunali kosalala, pobwerera timizere tinkandikanda ngati mano a sowo. "Iyi ndi to, mwanawe."

To ndi kumene matayala aloza mukawayang'ana kuchokera pamwamba, monga zala za kumapazi. Akalozerana mkati amadyeka m'mphepete mwakunja, akatayana amadyeka mkati. Tayala lotalika masentimita 60 likapotoka ndi mamilimita 3 okha, limakhala likukwekwerezedwa cham'mbali mamita 5 pa kilomita iliyonse. Werengani nokha ulendo wa ku Lilongwe. Ine ndimati to ndiye mbava yeniyeni ya matayala, enawa amangosenza mlandu.

Kamba, osati wa chigoba uja

Kamba ndi kupendekera kwa tayala mukaliyang'ana mutaima kutsogolo kwa galimoto. Tayala likapendekera mkati kumtunda kwake, mtolo wonse umagwera m'mphepete mwamkati. Likapendekera kunja, umagwera kunja. Limadyeka mbali imodzi koma mosalala, popanda mano aja, ndiponso pang'onopang'ono. Pa galimoto zing'onozing'ono zambiri palibe bawuti yosinthira kamba, choncho akasokonekera ndiye kuti china chapindika kapena mabushi atha. Wokuuzani kuti "tamubweza" mum'funse kuti wamanga pati.

Kasita ndiye amanamiziridwa zabodza. Onani foloko ya njinga ya kabaza, mmene inapendekera kumbuyo kumtunda kwake. Kupendekera kotero kwa pozungulira tayala la galimoto ndiye kasita, ndipo n'kumene kumabweza chiwongolero pakati mukamaliza kukhota. Payekha kasita sadya tayala kwenikweni. Akasiyana mbali ziwirizi galimoto imakokera kumene wachepa, inu n'kumalimbana ndi chiwongolero ulendo wonse.

Zanuzo, matayala onse awiri, mkati, miyezi inayi, ndikukayikira to wotayana. Sisitani dzanja muone. Kenako kwezani galimoto pa jeke, mugwire tayala kumanja ndi kumanzere n'kuligwedeza. Likamachita khobokhobo, kawirikawiri ndi tayirodi yatha, chitsulo cholumikiza tayala ku chiwongolero. Sinthani imeneyo kaye musanalipire alainimenti, apo ayi to athawanso musanafike pa Mchinji boma.